Pamene kanyuzipepala ka parishi kalemba za mkangano wa atsogoleri

Nkhaniyi ndi ya inu a kuno ku Rustenburg, a ku Phokeng, Freedom Park, Marikana, Kroondal, ndi inu amene mukumvetsera muli m'takisi kuchokera ku shifiti ya usiku. Lero ndikufuna kuyankhula ndi munthu mmodzi yemwe satchulidwatchulidwa pa tchalitchi. Ndi uja anapatsidwa ntchito yolemba kanyuzipepala ka parishi, kapepala ka masamba awiri kapena anayi kamene timalandira pakhomo Misa ikatha. Masiku ambiri ntchito yake ndi yopepuka, amangolemba amene abatizidwa, amene akumanga ukwati, ndi tsiku limene mphakati wakuti ukasese tchalitchi. Koma limadza tsiku limene atsogoleri ayambana. Wapampando wa khonsolo ya parishi akukana kutula pansi udindo, ena akuti ndalama sizikuoneka bwino, ndipo bambo mfumu aimitsa msonkhano pakati. Lamlungu lotsatira aliyense amatsegula kapepala kaja kuti aone zimene mwalemba, ndiponso kuti aone ngati mwaima ndi mbali ina.

Ambiri amaganiza kuti kulemba mwachilungamo ndi kusankha mawu ofewa, odzaza ndi "okondedwa mwa Ambuye" komanso "tiyeni tipempherere mtendere". Ine sindigwirizana nazo. Nkhani itha kulembedwa ndi mawu okoma ngati uchi koma yonse itachokera pakamwa pa mbali imodzi. Chilungamo cha mlembi timachionera pa anthu amene anawafunsa, pa mapepala amene anawaona ndi maso ake, ndi pa zimene anazisiya osalemba chifukwa sanazitsimikize. Zimenezi zikachitika bwino, mawu oyenera savuta kupeza.

Ife a dera lino sitifunika kupita kutali kuti tiphunzire zimenezi. Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito ku mgodi wa Lonmin ku Marikana. Masiku oyambirira manyuzipepala ambiri ankalemba zimene ankamva kwa akuluakulu a migodi, a zamalonda, andale ndi apolisi. Mphunzitsi wa utolankhani Jane Duncan, amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Rhodes, atawerengera anthu amene anafunsidwa mu nkhani za masiku amenewo, anapeza kuti ogwira ntchito mumgodi eniakewo anali atatu okha pa anthu 100 aliwonse. Panapita pafupifupi masabata awiri kuti dziko limve bwino, makamaka kudzera mwa mtolankhani Greg Marinovich, kuti panali malo achiwiri pakati pa miyala pamene anthu enanso anaphedwera, kutali ndi makamera. Theka la anthu 34 aja linafera kumeneko. Atolankhani ambiri amene analemba nkhani zoyambirirazo sanatukwane munthu ndipo analemba modekha. Cholakwa chawo chinali chakuti sanapite ku Nkaneng kukafunsa amene anapulumuka.

Mkangano wa pa parishi ndi waung'ono poyerekeza ndi Marikana, ndipo sindikufanizira magazi a anthu ndi mpando wa khonsolo. Koma anthu amene amakhala m'mabenchi mwathu ndi omwewo amene anaona zimenezi. Mu tchalitchi chimodzi muli a NUM ndi a AMCU. Muli amene anapirira sitiraka ya miyezi isanu ya 2014 ndi amene ankafuna kubwerera ku ntchito. Muli Atswana eni nthaka, Axhosa, Asotho, a ku Mozambiki, a ku Zimbabwe ndi ife Amalawi. Anthu otere amazindikira msanga pepala lokondera, ndipo akangolizindikira kamodzi, ngakhale mudzalembe tsiku la ubatizo adzayamba afunsa kwa ena ngati n'zoona.

Tiyeni tsopano tiyerekeze nkhani imodzi. Ndi chitsanzo chabe chimene ndapeka, si parishi inayake ayi. Pa parishi pali thumba la maliro, limene akhristu amasonkha kuti wina akamwalira athandize banja, kapena kuwonjezera pa ndalama zonyamulira thupi kupita kumudzi. M'buku la msungichuma mwalembedwa kuti chaka chino zasonkhedwa R24,000. Sitetimenti ya kubanki ikuonetsa R15,500. Pa msonkhano wa khonsolo wina waimirira n'kunena kuti R8,500 yadyedwa. Wapampando wakwiya, watuluka ndi anthu ake. Bambo mfumu alengeza kuti chisankho cha khonsolo yatsopano, chimene chimayenera kuchitika mwezi uno, chayamba chaimitsidwa.

Mlembi wothamanga alemba chonchi: "Chisokonezo chinabuka pa msonkhano wa khonsolo pamene zinaululika kuti R8,500 ya thumba la maliro yasowa. Wapampando, amene akukakamira pampando, anathawa mafunso. Akhristu ambiri akhumudwa." Mizere ndi itatu yokha, mulibe mwano, koma pafupifupi mawu aliwonse ndi chigamulo. Kunena kuti "zinaululika" n'kuvomereza kale kuti panali chobisika ndipo chatsimikizika. Kunena kuti ndalama "yasowa" n'kunena zimene palibe wafufuza. "Akukakamira" ndi "anathawa" akufotokoza zimene zili mumtima mwa munthu, ndipo mlembi sanalowemo mumtimamo. Nanga "akhristu ambiri" ndi angati, anawawerenga ndani? Kawirikawiri amakhala anthu asanu amene anacheza ndi mlembiyo pansi pa mtengo Misa itatha.

Mlembi wosamala sayamba ndi cholembera. Amayamba wapempha maminitsi a msonkhano kwa mlembi wa khonsolo, ngakhale iye mwini analipo, chifukwa pamene anthu akukuwa aliyense amamva zake. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kenako apempha kuona buku la msungichuma ndi sitetimenti pamodzi, ndipo afunse funso lapafupi: kodi pali ndalama zimene zinatuluka zisanafike kubanki? M'chitsanzo chathuchi apeza kuti R6,000 inaperekedwa pamanja kwa banja lina loferedwa, ndipo pali kapepala kosainidwa ndi anthu awiri. Yotsala ndi R2,500, imene msungichuma akuti inalipira galimoto yonyamula anthu kupita ku maliro ena, koma lisiti sakuipeza. Nkhani ija yasintha. Imene imatchedwa R8,500 yakuba yasanduka R2,500 yopanda lisiti, ndipo kusowa kwa lisiti pakokha sikutanthauza kuti munthu waba. Mwina waba, mwina sanabe. Amene angadziwe ndi a komiti ya zachuma akafufuza, mlembi wa kanyuzipepala alibe mphamvu imeneyo.

Chachiwiri chimene ayenera kuwerenga ndi malamulo, chifukwa mikangano yambiri ya mipando imakula pamene anthu sakudziwa kuti mphamvu ili ndi ndani. Mu Mpingo wa Katolika, lamulo 536 la malamulo a Mpingo limati khonsolo ya parishi imatsogoleredwa ndi bambo mfumu, ndipo ntchito yake ndi yopereka uphungu, motsatira malangizo a episkopi wa dayosizi. Lamulo 537 limati parishi iliyonse ikhale ndi komiti ya zachuma. Lamulo 1287 limati oyang'anira chuma cha Mpingo azifotokozera akhristu mmene zopereka zawo zayendera. Choncho mukalemba kuti bambo mfumu "alanda mphamvu za khonsolo", mwina mwalakwitsa lamulo. Koma mukalembanso ngati kuti amene afunsa za ndalama ndi osamvera, mwalakwitsanso, popeza kufunsako kuli ndi maziko m'malamulo omwewo. Za kutalika kwa nthawi ya wapampando, zimenezo zimakhala m'malangizo a dayosizi kapena m'malamulo a khonsoloyo. Apezeni, muwerenge ndime yake, ndipo muitchule mu nkhani yanu. A CCAP, a Anglikani ndi a mipingo ina ali ndi mabuku awo a chilongosoko, ndipo njira yake ndi yomweyi.

Tsopano pafika povuta, pofunsa munthu amene akunenedwayo. Malamulo a atolankhani a muno m'South Africa amanena kuti munthu amene mukufuna kumudzudzula mu nkhani mumufunse mbali yake nkhaniyo isanatuluke, ndipo ngati simunamupeze munene choncho. Kanyuzipepala ka parishi kawirikawiri sikakhala pansi pa bungwe la atolankhani, koma mfundoyi ndi yabwino kwa ife kuposa kwa iwo, chifukwa munthu amene tikumulembayo tidzagwirana naye chanza cha mtendere Lamlungu likudzali. Kufunsa kwake kusakhale kwa mwambo chabe. Musamuimbire Loweruka usiku pepala likusindikizidwa m'mawa mwake. Anthu athu ambiri amakhala pansi pa nthaka tsiku lonse, foni ili mu loka. Mupatseni masiku awiri kapena atatu, mumuuze ndendende zimene zanenedwa za iye, ndipo mumulembere mafunsowo kuti pasadzakhale kukanirana. Akayankha, muwerengereni mawu ake mmene mwawalembera kuti avomereze kuti ndi zimene ananena. Sakuvomereza nkhani yonse ayi, akungovomereza mawu ake okha. Akakana kuyankha, lembani kuti anafunsidwa tsiku lakuti ndipo anasankha kusayankhapo. Musalembe kuti "anasowa chonena", chifukwa munthu akhoza kukhala chete pa zifukwa zambiri, china n'kukhala kuti analangizidwa kudikira kafukufuku.

Zonsezi zitachitika, nkhani ija itha kumveka chonchi: "Pa msonkhano wa khonsolo wa Loweruka lapitali panali kusagwirizana pa thumba la maliro. Buku la msungichuma likuonetsa R24,000 ndipo kubanki kuli R15,500. Pa kusiyanaku, R6,000 ili ndi umboni wakuti inaperekedwa kwa banja loferedwa. Msungichuma akuti R2,500 yotsalayo inalipira galimoto ya ku maliro, ndipo lisiti yake sinapezeke. Mamembala ena apempha kuti mabuku awunikidwe chisankho chisanachitike. Wapampando, amene anatuluka msonkhano usanathe, wauza kanyuzipepala kano kuti anatero chifukwa anatchedwa wakuba pagulu, ndipo akuti iyenso akufuna mabuku awunikidwe. Bambo mfumu aimitsa chisankho mpaka komiti ya zachuma itapereka lipoti lake pa tsiku lakuti. Amene ali ndi umboni kapena funso akaonane ndi komitiyo." Mwaona kuti palibe chabisidwa. Ndalama zatchulidwa, kutuluka kwa wapampando kwatchulidwa, kuimitsidwa kwa chisankho kwatchulidwa. Chimene chachoka ndi chigamulo cha mlembi, ndipo chimene chalowa ndi tsiku limene anthu adzamve zotsatira. Tsiku limenelo n'lofunika kwambiri, chifukwa mphekesera zimakula pamene anthu sakudziwa kuti yankho lidzabwera liti.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamaulula mbali ya mlembi iye asakudziwa. Wina mumamulemba kuti "a wapampando anafotokoza", mnzake mumamulemba kuti "iye akuti". Wina mwamupatsa "a" waulemu ndi udindo wake wonse, winayo mwangomutchula dzina ngati mwana. Wina mizere khumi, wina mzere umodzi kumapeto. Mukamaliza kulemba, sinthanitsani mayina a mbali ziwirizo m'maganizo mwanu, muwerengenso. Ngati nkhaniyo ingakupwetekeni itakhala kuti ikunena za mnzanu, ndiye kuti sinakonzeke. Ndipo ngati inuyo muli membala wa khonsoloyo, kapena msungichuma ndi mlamu wanu, perekani nkhani imeneyi kwa wina alembe.

Alipo amene anganene kuti bwanji osangokhala chete, zinthu za m'nyumba zithere m'nyumba. Nthawi zina akunena zoona. Ngati awiri ayambana pa nkhani ya iwo okha, ya banja kapena ya ngongole, imeneyo si ya kanyuzipepala. Zimene munthu waulula kwa wansembe kapena kwa mlangizi sizilembedwa. Nkhani ikakhudza kuzunzidwa kwa mwana, malo ake ndi kupolisi ndi ku ofesi ya dayosizi, osati pa tsamba loyamba. Koma ikakhudza ndalama zimene anthu anasonkha, kapena chisankho chimene anauzidwa kuti chichitika, kukhala chete kumasiya bwalo kwa mauthenga a pa foni, amene amayenda usiku wonse opanda wowafunsa umboni. Ndiponso anthu amaona kuti pepala limene linalemba za maluwa a pa guwa sabata imene khonsolo inagawikana laima ndi amene ali pampando.

Buku la Ntchito za Atumwi limatisonyeza kuti mpingo ungalembe mikangano yake osadzinyozetsa. Kumapeto kwa mutu 15, Luka akufotokoza kuyambana kwa Paulo ndi Barnabasi. Akunena chimene Barnabasi ankafuna, kutenga Yohane Marko pa ulendo. Akunena chifukwa chimene Paulo anakanira, chakuti Marko anawasiya ku Pamfiliya pa ulendo woyamba. Sakubisa kuti mkanganowo unali waukulu mpaka anapatukana. Kenako akunena kumene aliyense analowera, Barnabasi ndi Marko ku Kipro, Paulo ndi Silasi ku Siriya ndi Silisiya. Mbali yaikulu ya buku limeneli imatsata maulendo a Paulo, komabe pa ndime zimenezi Barnabasi sakutchedwa wouma mutu kapena wogawanitsa mpingo. Ndime zisanu ndi imodzi zokha, ndipo mbali zonse ziwiri zamveka.

Ndiyenera kutchulanso za malamulo a dziko, chifukwa ena amaganiza kuti pepala la tchalitchi silingafike kukhoti. Muno m'South Africa, kubwereza mawu oipitsa mbiri ya munthu kumawerengedwa ngati kuwafalitsa, ngakhale mutayamba ndi "akuti". Kungonena kuti zimene mwalembazo n'zoona sikokwanira pakokha, ziyeneranso kukhala zoti anthu ali ndi chifukwa chomveka chozidziwira. Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limateteza zinthu za munthu payekha monga nambala ya foni, ya akaunti ndi za umoyo wake, choncho musajambule sitetimenti yonse n'kuiika m'pepala mayina a osonkha ali poyera. Mpingo nawonso, mu lamulo 220, umaletsa kuwononga mbiri yabwino ya munthu popanda chifukwa chovomerezeka.

Kwa ife a kuno pali chenjezo lina limene mlembi wa ku Lilongwe kapena ku Zomba mwina sangaliganizire. Musatchule mbali za mkangano ndi mtundu kapena dziko. Mukangolemba kuti "gulu la Amalawi" likutsutsana ndi "eni dera", nkhani ya R2,500 mwaisandutsa nkhani ya alendo ndi eni nthaka, ndipo tonse tikudziwa kumene nkhani zotere zimathera m'dziko lino. Musatchulenso kuti uyu ndi wa yuniyoni yakuti, kapena amagwira ku shafiti yakuti, kapena amakhala mu mkhukhu wa pafupi ndi sitolo yakuti. M'dera limene atsogoleri a ogwira ntchito anawomberedwapo chifukwa cha mikangano ya mayuniyoni, zimenezi si zosewera nazo. Mapepala a munthu okhalira m'dziko muno asalowe konse mu nkhani ya tchalitchi. Kumene kungatheke, tchulani udindo m'malo mwa dzina, popeza a pa parishi akudziwa kale kuti msungichuma ndi ndani, pamene pepala likhoza kufika m'manja mwa anthu amene sanapondepo pa tchalitchipo.

Parishi zathu zimayankhula zinenero zingapo, ndiye nkhani yolembedwa m'Chingerezi imamasuliridwa pakamwa m'Chitswana, m'Chixhosa kapena m'Chichewa pa nthawi ya zolengeza. Apa ndi pamene ntchito yonse yosamala ija imatha kugwa, womasulira akangowonjezera kamawu kake kapena kugwedeza mutu. Lembani kumasulirako papepala, wina wa chinenerocho amene sali mu mkanganowo akuwerenge, ndipo wolengeza awerenge zolembedwazo basi.

Nanga bambo mfumu akanena kuti nkhaniyo isatuluke, kapena ituluke ndi mbali yawo yokha? Pepala ndi la parishi, ndipo iwo ndiwo amayankha za parishi kwa episkopi, choncho ali ndi mphamvu yoletsa. Chimene inu mungapemphe mwaulemu n'chakuti ngati akufuna kunena maganizo awo, alembe kalata yawo, isainidwe ndi dzina lawo, iikidwe payokha kuti aliyense adziwe kuti awa ndi mawu a bambo mfumu. Isavekedwe malaya a nkhani yolembedwa ndi mkonzi. Ngati iwo eni ali mbali ya mkanganowo, pemphani kuti wina wochokera ku dinale kapena ku ofesi ya dayosizi ya Rustenburg ayambe waiona nkhaniyo. Mukakanizidwa zonsezi, ndi bwino dzina lanu lisakhalepo pa nkhani imene mukudziwa kuti mbali ina sinafunsidwe.

Lipoti la komiti ya zachuma likadzatuluka, lilembeni pa tsamba lomwelo ndi zilembo za kukula komweko. Ngati msungichuma wapezeka wosalakwa, zimveke mokweza ngati mmene funso lija linamvekera. Ngati wapezeka wolakwa, lembani zimene komiti yapeza ndi zimene zagamulidwa, osawonjezera ulaliki. Ndipo ngati mu nkhani yoyamba munalakwitsa chiwerengero kapena tsiku, konzani m'kope lotsatira, munene chimene chinalakwika ndi chimene chili choona.

Inu amene mumangolandira kapepalaka pakhomo, muli ndi gawo lanu. Mukawerenga nkhani ya mkangano, onani ngati onse awiri anafunsidwa, ngati chiwerengero chili ndi gwero lake, ndiponso ngati mwauzidwa tsiku la yankho. Chimodzi chikasowa, mufikireni mkonzi mwaulemu mumufunse. Ndipo inu akonzi, nkhani ya Lamlungu lino isanapite kosindikiza, muimbireni foni munthu uja amene simunamve mbali yake.